Tsitsi la pansi pa wivi: kulitsuka, kuliumitsa ndi kulimasula osaliwononga

Amayi ambiri akasoketsa wivi maso amakhala pa tsitsi la pamwamba, lomwe anthu akuliona. La pansi, lolukidwa mizere lija, amalikumbukira tsiku lomasula. Chonsecho khungu la m'mutu silipuma: thukuta ndi mafuta zikutulukabe, ndipo mfundu ikuunjikana m'mizeremo.

Tsukani m'mutu kamodzi pa sabata imodzi kapena ziwiri. Musathire shampu pamwamba pa wivi, chifukwa thovu limathera pa tsitsi logula osafika pakhungu. Pezani kabotolo ka kukamwa kosongoka, muthiremo shampu pang'ono ndi madzi ofunda ochuluka katatu kapena kanayi, mukhutchumule. Tukulani wivi mzere ndi mzere, muzidonthezera pakhungu penipeni, kenako muzisisita ndi nsonga za zala. Zikhadabo ayi, zimasiya tizilonda. Tsukuluzani mpaka madzi azituluka oyera, pakuti shampu yotsalira m'mizere ndiyo imayabwitsa mawa lake.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa kuumitsa. Wivi imauma msanga, munthu n'kuganiza kuti zatha, pamene mizere ya pansi yamwa madzi ngati chingwe cha thonje. Mukamanga duku kapena kugona ili choncho, chinyezi chimatsekeredwa. Pakapita masiku angapo mumamva kafungo konga ka thaulo lopindidwa lisanaume, mutu n'kuyamba kuyabwa, mwina n'kutuluka tiziphuphu. Choncho tsukani m'mawa, osati usiku. Finyani ndi thaulo osapukuta mwamphamvu, kenako umitsani ndi makina oumitsira tsitsi pa moto wochepa, mukulozetsa mpweya m'mizere. Ngati mulibe makinawo, siyani mutu pamphepo tsiku lonse osaufunda. Muyeso wake ndi chala: chilowetseni pansi pa wivi cha kunkhongo, komwe kumachedwa kuuma, mukanikize mzere. Mukamva kuzizira, sunaume. Mafuta pakani ukauma, timadontho tochepa topepuka. Mafuta olimba ngati phula amangomata litsiro.

Wivi isapitirire masabata 6 mpaka 8 ili m'mutu. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, ndiye mizere imayamba kulendewera, ndipo kulemera konse kwa wivi kumatsamira pa titsitsi tatsopano tofewa. Palinso china. Munthu aliyense amathothoka tsitsi 50 mpaka 100 pa tsiku, koma likakhala lolukidwa, lothothokalo limasowa kogwera.

Tiyerekeze mayi amene wakhala ndi wivi masabata 12 pofuna kuti ndalama yake igwire ntchito. Amenewo ndi masiku 84, kutanthauza kuti m'mizere mwake muli tsitsi lothothoka kale pakati pa 4,200 ndi 8,400, litasakanikirana ndi mafuta ndi mfundu patsinde pa mzere uliwonse. Akamasula n'kuthamangira kumadzi, tsitsi lakufalo limakulungana ndi lamoyo n'kupanga mfundo zolimba zomwe chipeso sichilowa. Apa ndi pomwe sizasi imagwira ntchito yomwe sinayenera kugwira.

Mayiyu akanayenera kutere. Podula ulusi apemphe wina amuthandize, chifukwa kunkhongo munthu sadziona, ndipo ulusi wakuda ndi tsitsi zimafanana. Amasule mzere umodzi, apake kondishona kapena mafuta patsinde pomwe pali kam'bulu kotuwa ka mafuta ndi mfundu, akaphwanye ndi zala, achotse tsitsi lakufa. Akatero apese ndi chipeso cha mano otalikirana, kuyambira kunsonga kupita kutsinde. Madzi abwere mutu wonse ukapesedwa. Mulu wa tsitsi lotsala m'manja usamuopse: lalitali lokhala ndi kadontho koyera kutsinde ndi lomwe linathothoka lokha. Tizidutswa tifupitifupi topanda kadonthoko ndiye tsitsi loduka, chizindikiro chakuti linauma kwambiri kapena linakokedwa. Akatsuka, alipumitse sabata imodzi kapena ziwiri asanasoketse ina.

Ovala wigi zawo n'zopepukirapo, bola aziivula pogona, azichapa kachisoti ka mkati, ndipo asamaivale pa mizere yonyowa. Tizipeso ta mkati mwa wigi tisamalume malo amodzimodzi tsiku ndi tsiku.

Kaya ndi wivi kaya wigi, yang'anirani m'mphepete mwa chipumi ndi pamwamba pa makutu, komwe tsitsi ndi lofooka. Mutu ukamapweteka mutalukitsa, khungu likakokeka kapena pakatuluka tiziphuphu motsatira mzere, ndiye kuti amanga kwambiri. Masulani, musadikire kuti zifewe zokha. Mukachita changu tsitsi la pamenepo limameranso, koma likakokedwa kwa zaka mizu imafa, pamatsala dazi losalala lomwe mafuta aliwonse sangalibweze. Pakaoneka mafinya, zilonda kapena chigamba chomwe chikukulirakulira, pitani kuchipatala akaone khungulo musanaikepo wivi ina.