Ndalipira pa pulogalamu ya pafoni koma sizinatseguke

"Ndili ku Nsanje, ndalipira mkati mwa pulogalamu, ndalama zadulidwa koma zomwe ndagula sizikutseguka, nditani?"

Musalipirenso kachiwiri. Choyamba tsegulani imelo imene munagulira, mupeze risiti ya Google Play yokhala ndi nambala yoyamba ndi `GPA.`, chifukwa popanda nambalayo othandiza makasitomala amavutika kupeza malipiro anu. Risitiyo ikasowa, kapena ikalembedwa `Pending`, ndiye kuti mwina malipiro sanamalizike, zomwe zingachitike netiweki ikadukiza. Ikapezeka, onetsetsani kuti mu pulogalamuyo mwalowa ndi akaunti yomweyo, popeza foni zobwerekana pabanja zimakhala ndi maakaunti angapo, kenako musindikize `Restore purchases` ngati mawuwa alipo.

Zikakanikabe, jambulani risitiyo, uthenga wa ku banki wosonyeza tsiku, nthawi ndi kuchuluka kwa ndalama, komanso tsamba lotsekedwalo, muzitumize kwa eni pulogalamuyo mutabisa nambala ya khadi lanu.