Momwe mungakonzere mayina a matauni mu Excel musanawerengetse malonda

Mwezi watha ndinkafuna kudziwa matumba a mbewu amene tagulitsa m'tauni iliyonse. Pivot table inanditulutsira Ntcheu ndi Ncheu, Thyolo ndi Cholo, ndipo Nkhotakota anabwera patatu: Nkhotakota, Nkhota Kota ndi KK. Maajenti athu aliyense amalemba mmene anazolowerera.

Kolamu ya mayina a matauni, tinene kuti ndi A, musaikhudze, idzakuthandizani zinthu zikasokonekera. Tsegulani ina pambali pake, mulembe izi mu B2 n'kukokera pansi:

```
=PROPER(TRIM(SUBSTITUTE(A2,CHAR(160)," ")))
```

PROPER amasandutsa ZOMBA ndi zomba kukhala Zomba. TRIM amachotsa mipata yotsala kumayambiriro ndi kumapeto kwa dzina.

Gawo la SUBSTITUTE ndi limene linandidyera tsiku lonse. Poyamba sindinaliikemo, ndipo Zomba ankatulukabe pawiri, zilembo zofanana ndendende. Ndinayang'anitsitsa mpaka maso kuwawa. Kenako ndinayesa =LEN(B2) pamizere yonse ya Zomba: ina inapereka 5, ina 6. Zomba ali ndi zilembo zisanu, ndiye chachisanu ndi chimodzicho n'chiyani? Nditalemba =CODE(RIGHT(B2,1)) panatuluka 160. Umenewu ndi mpata wamtundu wina umene umabwera mukakopera zinthu pa intaneti kapena mu imelo. Mpata wamba nambala yake ndi 32, ndipo ndi wokhawo umene TRIM amauchotsa. Mizere 37 inali ndi vutoli, yonse ya ajenti mmodzi. N'chifukwa chake timayamba tausandutsa mpata wamba, TRIM n'kumalizitsa.

Kalembedwe kosiyana ndiye fomula singakadziwe yokha. Pangani tsamba lina, mulitche Mayina. Kumanzere muike dzina lililonse mmene latulukira mu kolamu B, kamodzi kokha (Remove Duplicates ikuthandizani), kumanja dzina lolondola. Ncheu apite ku Ntcheu, Bt ku Blantyre, Kk ku Nkhotakota. Olondola kale nawonso alowemo, Zomba kwa Zomba. Pa Chikwawa ndi Chikhwawa mungosankha chimodzi n'kukhala nacho. Bwererani pa tsamba la malonda, mutsegule kolamu inanso, mulembe izi mu C2 n'kukokera pansi:

```
=VLOOKUP(B2,Mayina!A:B,2,FALSE)
```

FALSE musamusiye, apo ayi Excel adzakupatsani tauni ina osakuchenjezani. Ndasankha VLOOKUP chifukwa XLOOKUP mu Excel 2016 mulibe. Ndipo samalani ndi anyamata ena okonza makompyuta amene amati akuikirani Excel yatsopano pamtengo wozizira, pakangotha masabata ochepa imayamba kufuna laisensi. LibreOffice ndi yaulere, mafomula awiriwa amagwiranso momwemo, kungoti mulembe Mayina.A:B m'malo mwa Mayina!A:B.

Replace All imaoneka yachidule, koma mukasintha Nkhata kukhala Nkhata Bay, olondola aja amasanduka Nkhata Bay Bay.

Pamene patuluka #N/A, dzinalo mulibe mu Mayina, liwonjezereni. Kenako lembani mitu ya makolamu mu B1 ndi C1, mupange pivot table pa kolamu C, ndipo muone ngati chiwerengero chonse cha matumba chikufanana ndi cha poyamba.