Ndalama za m'kabati si phindu lonse

Inu a tigolosale ta ku Kasungu kuno, makamaka fodya asanayambe kugulidwa ku Chinkhoma, yesani izi Loweruka lililonse madzulo mukatseka.

Werengani ndalama zili m'kabati ndi za pa foni. Kenako werengani katundu wotsala pa shelefu, koma pa mtengo umene munaodera, osati wogulitsira. Onjezani ngongole zimene anthu akusungirani, chotsani zimene inu mukuyenera kubweza kohoselo. Chimene mwapezacho chifanizeni ndi cha sabata yatha. Chikakwera, kukwerako ndiye phindu, ndipo ndalama zimene munatapa za ndiwo kapena za fizi muziphatikizepo, chifukwa nazonso zinachokera m'phindu lomwelo.

Tiyerekeze mwaoda shuga wa K60,000 amene akatha yense abweretsa K72,000. Mwagulitsa theka pa kashi, mwagwira K36,000. Mtima umati zayenda, koma K30,000 pamenepo ndi mpamba wofunika kubwerera kukaoda, yanu ndi K6,000 yokha, ndipo simunachotse ya kabaza. Theka linalo mukakongoza alimi oti adzalipira akagulitsa fodya, m'kope muoneka phindu la K12,000 pomwe m'manja mulibe yokwanira kuoda belo lina.

Chizindikiro chakuti mukudya mpamba n'chosavuta: kabati sikusowa ndalama, koma shelefu ikunka ichepa katundu. Ine ngongole ndimailekeza pa phindu la sabata imeneyo, ikapitirira ndimakana, angakhale wachibale.