Mungadziwe bwanji ngati yankho lachokeradi m'manotsi anu?

Mukalowetsa manotsi mu pulogalamu ya AI yoyankha mafunso monga ChatGPT kapena NotebookLM n'kufunsa funso, pulogalamuyo ikhoza kusakaniza zimene yawerenga m'manotsimo ndi zimene idaphunzitsidwa kale, ndipo poti yasakanizapo sipaoneka. Yankho likhoza kukhala loona koma losachokera kwa mphunzitsi wanu.

Tiyerekeze wophunzira wa ku Ulongwe ku Mozambique amene manotsi ake a m'Chipwitikizi akungonena kuti damu la Cahora Bassa lili pamtsinje wa Zambezi ndipo lidatha kumangidwa mu 1974. Yankho labwera ndi mfundo ziwirizi, n'kuwonjezera kuti damulo lingapange magetsi okwana megawati 2075.

Yambani ndi kuligawa yankholo mfundo imodziimodzi. Pano zilipo zitatu. Tsegulani manotsiwo, dinani `Ctrl+F` (pafoni gwiritsani chizindikiro chofufuzira) ndipo fufuzani manambala ndi mayina okha, chifukwa mawu a Chichewa simuwapeza m'zolemba za Chipwitikizi. `1974` ipezeka. `2075` ikasowa musafulumire kugamula: yesaninso `2.075` ndi `2 075`, poti nambala imodzi imalembedwa mosiyanasiyana. Ikasowabe, yachokera kunja.

Chenjerani ndi manotsi ojambulidwa ndi foni. Fayilo yotere nthawi zambiri imakhala zithunzi zokhazokha, choncho kufufuzako sikupeza kanthu ngakhale mawuwo alimo. Yesani kaye kufufuza liwu limene mukuliona ndi maso patsambapo. Nalonso likasowa, werengani nokha.

NotebookLM imaika tinambala pambali pa ziganizo, ndipo mukadinapo imakuonetsani ndime yake. Werengani ndimeyo mpaka kumapeto. Kanambalako kakhoza kuloza ndime yonena za damu lomwelo koma yopanda megawati aja, ndipo apa m'pamene ambiri amapusitsika.

Njira imene timaidalira kwambiri ndi kutchera msampha. Koperani fayiloyo, ndipo m'kope latsopanolo sinthani 1974 kukhala 1981 paliponse pamene yalembedwa. Yambani zokambirana zatsopano, popeza zakale zimasunga mayankho oyamba aja. Lowetsani kope losinthalo lokha n'kufunsa chaka chimene damulo lidatha. Yankho likatchula 1981, kaya n'kuonjezapo kuti chakacho n'chokayikitsa, ndiye kuti manotsi awerengedwadi. Likangoti 1974, pulogalamuyo yatenga zimene ikudziwa kale, mwina chifukwa tsambalo silinawerengeke kapena ndimeyo sinapezeke m'fayilo yaitali. Zikatere, duleni fayiloyo mulowetse mutu umodzi wokha, kenaka yesaninso.

Msamphawu umangotsimikizira mfundo imene mwasinthayo, osati yankho lonse, n'chifukwa chake ndi bwino kusintha malo atatu: koyambirira, pakati ndi kumapeto kwa manotsi. Mukamaliza fufutani kope losinthalo, lingasokonekere ndi manotsi enieni n'kukulowezetsani 1981 mayeso atayandikira.