Asungichuma, lekani kukakamiza kashibuku kuti ifanane ndi sitetimenti ya banki

Nyengo ino yogulitsa soya ndi mtedza pali chithunzi cha pepala la mafunso a akaunti chimene chikuyenda m'mafoni a achinyamata osunga mabuku a makopaletivu. Ena akukonzekera mayeso a ICAM, bungwe la akatswiri a akaunti m'Malawi muno, ena akungoyeserera kuti mutu usachite dzimbiri. Funso limene likuwagwetsa ndi la kashibuku ndi kuyanjanitsa kwake ndi sitetimenti ya banki. Zikadakhala za mayeso okha sindikadadzivutitsa kulemba, koma cholakwa chimene ndikuchiona m'mayankho awo ndikuchipezanso m'mabuku enieni a magulu, momwe muli ndalama za alimi.

Cholakwacho ndi ichi. Munthu akuona kuti kashibuku ikunena ndalama zina, sitetimenti ikunena zina. Akuchotsera yaing'ono pa yaikulu, nambala yatulukayo n'kuilemba m'kashibuku kumbali yoperewera, pambali pake n'kulembapo kuti "zoyanjanitsira". Mbali ziwiri zafanana, wajambula mizere iwiri pansi, watseka buku. Ukamufunsa kuti ndalama imeneyi yachokera kwa yani, akungokuyang'ana.

Tiyeni tione funsolo. Pa 31 Meyi kolamu ya banki m'kashibuku ikuonetsa K640,000 kumanzere, kumbali ya debiti, pomwe sitetimenti ikuonetsa K836,500 yokhala ndi Cr pambali. Kusiyana kwake ndi K196,500, ndipo iyi ndiye nambala imene ambiri akuithamangira. Koma palibe munthu amene analipira K196,500, palibe risiti yake, palibe tsiku limene inalowa. Ndi zinthu zingapo zimene zawunjikana, zina zokweza, zina zotsitsa, ndipo funsolo lazitchula zonse m'munsimo.

Zinayi mwa zinthuzo banki ikuzidziwa koma msungichuma sanazilembe. Wogula soya anaika K350,000 mu akaunti mwachindunji osauza gulu. Banki inadula K18,500 ya ntchito zake. Inalipiranso K90,000 ya lendi ya nyumba yosungiramo mbewu, potsatira lamulo limene gulu linasainira kale kuti izilipira mwezi ndi mwezi. Ndipo cheke cha K120,000 chimene kasitomala wina anapereka chinabwezedwa chifukwa mu akaunti yake munalibe ndalama. Zinayi izi, ndipo izi zokha, ndi zimene zimalowa m'kashibuku, chifukwa n'zinthu zimene zachitikadi pa ndalama za gulu ndipo buku latsalira m'mbuyo.

Za kuti zolowa zimapita kumanzere, zotuluka kumanja, sindikhalapo. Amene sakudziwa zimenezo asagwire buku la gulu. Kumanzere tili ndi K640,000 ndi K350,000, pamodzi K990,000. Kumanja tili ndi K18,500, K90,000 ndi K120,000, pamodzi K228,500. Kumanja kukuperewera K761,500 kuti kufike pa K990,000. Imeneyi ndiye nambala yotsekera yoona, imene imalembedwa Balance c/d. Taonani kusiyana kwake ndi ija ya K196,500. Iyi yatuluka m'kati mwa kashibuku momwemo, titalemba chilichonse chokhala ndi umboni. Sitinayang'ane pansi pa sitetimenti kuti tiipeze.

Pamenepa pali mbuna ina imene ikugwetsa ngakhale ophunzira abwino. Poona kuti K761,500 yalembedwa kumanja, kumbali ya kirediti, akumayankha kuti gulu lili ndi ngongole ku banki. Ayi. Nambala yotsekera imakhala kumbali yopepuka kuti mbali zifanane basi, ndipo pa 1 Juni imatsika n'kukakhala kumanzere ngati Balance b/d. Kumene yatsikirako ndiko kumakuuzani chimene ili: ndalama zimene gulu lili nazo. Ndipo Cr ya pa sitetimenti siikutsutsana ndi debiti ya m'kashibuku. Sitetimenti ndi buku la banki, lolembedwa mmene banki ikuonera. Ndalama zanu zikakhala kumeneko, kwa iwo ndi ngongole imene ayenera kukubwezerani, n'chifukwa chake amalemba Cr.

Tsono K761,500 sikufananabe ndi K836,500. Patsala K75,000, ndipo apa m'pamene manja amayabwa. Musakhudze kashibuku. Zotsalazo n'zinthu zimene buku lanu linalemba kale molondola, koma banki sinazione. Gulu linalemba macheke awiri, cha K180,000 kwa mwini lole yonyamula soya ndi cha K95,000 kwa wogulitsa matumba, ndipo eni akewo sanapite nawo ku banki. Pamodzi ndi K275,000 imene ikuonekabe mu akaunti ngakhale si yanunso. Komanso msungichuma anakasungitsa K200,000 madzulo a pa 31 Meyi, ndipo yadzaoneka pa sitetimenti ya Juni. Izi zimalembedwa pa pepala lapadera loyanjanitsira. Yambani ndi K761,500, wonjezerani K275,000, mupeza K1,036,500. Chotsani K200,000, mufika pa K836,500 ndendende. Mukazilembanso m'kashibuku ndiye kuti mwazilemba kawiri, ndipo mwezi wamawa, machekewo akadzalowa, buku lidzasokonekera kuposa lero.

Ku mayeso, wolemba K196,500 amataya pafupifupi malikisi onse a funsolo, chifukwa malikisi ali pa chinthu chilichonse chimene waika pamalo pake. Kugulu chitayiko n'chachikulu. Komiti ikauzidwa kuti muli K836,500 imayamba kugawa ndalama zimene zina n'za mwini lole. Ndipotu mpaka K200,000 ija italowa, zimene mungatulutse popanda kubwezetsa macheke anu ndi K561,500 yokha. Choipitsitsa n'chakuti cheke chobwezedwa chija chakwiririka m'nambala yopekayo. Buku likuonetsabe kuti kasitomala analipira, ndiye palibe amene akamulondole, pomwe K120,000 ya alimi ili m'thumba mwake. Wogula soya amene analipiradi ndiye akuonekabe wangongole, ndipo tcheyamani akamutumizira uthenga waukali munthu wosalakwa.

Chizolowezi chimenechi chimanditopetsa chifukwa si cha ana okha. Achikulire ambiri anachitengera kwa amene anawasiyira mabuku, ndipo amachiteteza. Bambo wina, mlimi wa mtedza amene anali msungichuma wa kalabu kwa zaka zambiri, anali ndi mzere wake mwezi uliwonse wolembedwa kuti "zosowa". Nditawafunsa anandiyankha kuti, "Alangizi, banki ili ndi makina, ine ndili ndi bolopeni. Ndingatsutsane nayo bwanji? Ikanena, ine ndimangotsatira." Pa msonkhano wa pachaka mamembala anaphatikiza mizere ya "zosowa" ija, n'kuwauza kuti abweze. Munthu wosaba n'kamodzi komwe anagulitsa mbuzi ziwiri kuti achotse manyazi pamudzi. Mdzukulu wawo ndiye anadzatenga masitetimenti n'kuyamba kuchonga mzere ndi mzere. Zambiri zinali zodula za banki za mwezi ndi mwezi, china chinali cheke cha vendala chimene chinabwerera. Mbuzi zinali zitadyedwa kale. Banki nayo imalakwitsa nthawi zina, imatha kuika mu akaunti yanu ndalama za wina, ndipo zikatero cholakwacho chimalembedwa pa pepala loyanjanitsira, inu n'kukaiuza kuti ikonze. Simuchikopera m'buku lanu.

Ena akuti funsoli n'lachikale poti macheke sakuonekanso kawirikawiri, anthu akulipirana pa Airtel Money, pa Mpamba ndi pa foni za banki. Macheke achepadi, koma zolowa mu akaunti mwini buku osadziwa zachuluka kuposa kale, ndipo nthawi zambiri kutumiza kumakhala ndi kodula kake kamene palibe akukalemba. Ntchito yokonza kashibuku yakula, sinachepe.

Gawo lachiwiri la funsolo ndi pamene chithunzi chenichenicho chikupweteka anthu. Wojambula anapendeketsa foni, ndipo m'mphepete mwa kumanja, momwe mumakhala Dr ndi Cr, munadulidwa pa makope ena. Anthu akungoganiza kuti balansi iliyonse ndi ndalama zimene zilipo. Koma mawu a funsolo akunena kuti kashibuku yokonzedwa kale ili ndi ovadirafuti, kutanthauza ngongole ku banki, ya K150,000, macheke osalowa ndi dipoziti yochedwa n'zomwe zija, ndipo akufuna mupeze balansi ya pa sitetimenti. Apa nambala yosowayo mumaipeza poyenda njira yomwe ija, kungoti mukuyambira pansi pa ziro. Ngongole ya K150,000 mukaiphatikiza ndi K275,000 ya macheke amene banki sinalipire, mukhala pamwamba ndi K125,000. Mukachotsa K200,000 imene banki sinailandire, mubwerera pansi ndi K75,000. Sitetimenti ikuonetsa K75,000 Dr, ovadirafuti. Amene anaiwala kuti poyambira panali ngongole akupeza K225,000, ndipo akuilemba molimba mtima. Musanayambe kuwerengera, werengani mawu onse a funso, ndipo chithunzi chikakhala chodulidwa pemphani china. Pa chithunzi chosaoneka bwino 3 ndi 8 amafanana, 1 ndi 7 chimodzimodzi, ndiye phatikizani kolamu nokha muone ngati ikugwirizana ndi chiwonkhetso chimene chasindikizidwa.

Zochita zake n'zachidule. Tengani sitetimenti mwezi uliwonse, osadikira kutha kwa chaka. Yambani ndi pepala loyanjanitsira la mwezi watha, muone ngati zimene zinatsalira zalowa tsopano. Kenako chongani ndi pensulo chilichonse chopezeka mbali zonse ziwiri. Chosachongedwa pa sitetimenti chilowe m'kashibuku, chosachongedwa m'kashibuku chipite pa pepala loyanjanitsira. Zikakanabe, gawani kusiyanako ndi 2 muone ngati pali ndalama yotero imene mwaiika mbali yolakwika. Kusiyanako kukagawika ndi 9 popanda chotsala, funani pamene mwatembenuza manambala, monga kulemba K59,000 m'malo mwa K95,000, zimene zimasiya K36,000. Dipoziti imene yatha sabata osaoneka ku banki si yochedwanso, itanitsani silipi yake yokhala ndi chidindo. Cheke chimene gulu linalemba n'kukhala miyezi isanu ndi umodzi osalowa banki siichilandiranso, choncho chibwezereni kumanzere kwa kashibuku, mwini wake akhalenso pa mndandanda wa amene gulu liyenera kuwalipira.