Mwana wa shuga pa sukulu ku Mangalande: musakhulupirire mawu akuti "tasunga pepala lanu"

Abale anga, ndikulemba izi mtima ukadali kuwawa. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 7, ndipo ali ndi matenda a shuga a mtundu woyamba, aja ofuna insulini tsiku lililonse moyo wonse. Sanadwale chifukwa chodya maswiti, ndipo palibe mankhwala azitsamba otumizidwa kuchokera kumudzi amene angalowe m'malo mwa jakisoni.

Lamulo liripo. Ku England, gawo 100 la Children and Families Act 2014 limakakamiza masukulu aboma kusamalira ana odwala. Lemberani imelo mphunzitsi wamkulu, mupemphe Individual Healthcare Plan, pepala limene inu, sukulu ndi nesi wa ana a shuga mumalemba pamodzi n'kusaina. Zimenezo sizivuta.

Chimene chinandipweteka ndi ulemu wathu uja wa "chabwino, zikomo". Ndinapereka pepalalo ku ofesi ya sukulu, mayi wa pamenepo anamwetulira nati zonse zili bwino. Ndinachita manyazi kufunsa kuti ndani waliwerenga. Patapita milungu ingapo mphunzitsi wa kalasi anadwala, kunabwera wongogwirizira amene sanauzidwe kanthu. Ana atachokera kothamanga, mwana wanga anayamba kunjenjemera, thukuta lili kamukamu, akulira popanda chifukwa. Mphunzitsiyo anaona ngati ndi matukutuku. Kenaka anamutuma yekha ku ofesi, yekhayekha, mwana woti miyendo ikugwedera.

Atafika kumeneko, bokosi lake la juwisi wokwezera shuga akatsika linali lokhomeredwa m'kabati, mwini kiyi atapita kukadya. Pamene ankandiimbira foni, shuga anali atatsika kwambiri, pa 2.8. Nditafunsa mawa lake, anandiyankha kuti pepala lili m'faelo, ngati kuti faelo imamwetsa mwana juwisi. Mpaka lero ndikakumbukira ndimapsa mtima, komanso ndimadziimba mlandu kuti ndinakhala chete.

Ndiye imvani. Musavomere kuti munthu mmodzi yekha aphunzitsidwe. Nesi wa kuchipatala cha mwana wanu amaphunzitsa aphunzitsi kuyeza shuga ndi kubaya insulini. Umirirani kuti akhale awiri kapena atatu, mayina awo alembedwe m'pepalalo. Funsani mosapita m'mbali: kukabwera mphunzitsi wogwirizira, amuuza ndani, nthawi yanji? Nanga oyang'anira ana pa nkhomaliro? Yankho likhale lolembedwa. Za pakamwa zimauluka.

Bokosi la juwisi lija lisakhomeredwe. Lizikhala m'kalasi, ndipo lizitsata mwana kubwalo la masewera ndi pa maulendo a sukulu. Shuga akatsika pansi pa 4, mwana asayende. Thandizo limupeze pomwe ali. Wanga amalemera makilogalamu 25, ndipo nesi anatilembera magalamu 10 a shuga wofulumira, ndiko kuti pafupifupi theka la kabokosi ka juwisi ka mamililita 200. Amwe, adikire mphindi 15, ayezedwenso. Akadali pansi pa 4, abwereze. Akakwera, ndiye kabisiketi kamodzi kuti asatsikenso, ngati nesi wanu walemba choncho, popeza ana ovala pampu ya insulini nthawi zambiri safunika kabisiketiko. Muyeso wa mwana wanu utengeni kwa nesi wanu, osati kwa ine kapena pa gulu la WhatsApp la kumpingo. Ndipo chonde, chokoleti ayi. Mafuta ake amachedwetsa shuga kulowa m'magazi, pamene mwana akufuna thandizo nthawi yomweyo.

Tsamba loyamba likhale la ngozi, m'mawu ochepa oti munthu wamantha awerenge. Mwana akakomoka kapena kugwa khunyu, asamuike chilichonse m'kamwa, angatsamwe. Amugoneke chammbali, aimbe 999, wophunzitsidwa abaye gulukagoni, jakisoni wokweza shuga pa ngozi, kenaka ndiye aimbire inu. Ambulansi choyamba, kholo pambuyo. Ambiri a ife timagwira mashifiti m'nyumba zosamalira okalamba foni ili m'lokala, choncho perekani manambala atatu, imodzi ya kuntchito kwanu.

Shuga akakwera kupitirira 14, ayeze maketoni, zinthu zoopsa zimene zimachuluka m'magazi insulini ikachepa, amulole kumwa madzi ndi kupita kuchimbudzi osamufunsa zambiri. Maketoni akakwera mwana akusanza, imeneyo ndi nkhani ya kuchipatala, si yodikira belu lowerukira.

Ngati mwana amavala kachipangizo koyezera shuga kolumikizana ndi foni, lembetsani kuti lamulo loletsa mafoni silimukhudza. Akakukanizani, kapena akamati muzibwera nokha masana kudzabaya jakisoni, musachite mantha kuti ndinu mlendo m'dziko la eni. Pemphani ndondomeko ya madandaulo, mulembere komiti yoyang'anira sukulu, nesi mumupatse kope. Ine ndinatero, ndipo tsopano sabata yoyamba ya teremu iliyonse ndimapita ndekha m'kalasi, kutsegula bokosi lija, kuona masiku othera ntchito a juwisi ndi gulukagoni, n'kufunsa mphunzitsi kuti andiuze chimene angachite akaona 3.5.