Momwe mungachepetsere mlingo wa mankhwala kwa agogo amene impso zawo zafooka

Ndikulembera makamaka anzanga amene mumalemba ndi kupereka mankhwala m'zipatala zing'onozing'ono za kuno ku Salima, kuyambira ku Khombedza mpaka ku Chipoka. Inu osamalira agogo kunyumba werengani kuti mudziwe zofunsa kuchipatala, koma musadule kapena kusiyitsa piritsi panokha.

Mankhwala ambiri amatuluka m'thupi kudzera mu mkodzo. Impso zikafooka, mlingo wa dzulo umakhala usanatuluke pamene wa lero ukulowa, ndiye mankhwala amaunjikana mpaka kusanduka poizoni. Chovuta n'chakuti pepala la ku labu limatinamiza. Kiriyatinini, amene timayeza pofuna kudziwa mmene impso zikugwirira ntchito, amachokera m'minofu. Agogo owonda ali ndi minofu yochepa, choncho nambala yawo imaoneka yabwino ngakhale impso zitatsala theka. Mwezi wotentha ngati Okutobala, munthu akamamwa madzi pang'ono, zinthu zimaipiraipira. Onjezani likodzo lakalekale la kuno kunyanja, lomwe limatha kutseka njira za mkodzo mwakachetechete kwa zaka zambiri.

Tiyende ndi chitsanzo chimodzi. Agogo aakazi abwera ndi mdzukulu wawo. Ali ndi shuga ndi bipi, ndipo masiku anayi apitawa akumva kuwotcha pokodza, chakudya sichikulowa bwino. M'buku mwawo mwalembedwa metifomini 500 mg katatu patsiku, enalapirili 10 mg ndi haidirokolorothayazaidi 25 mg. Zotsatira za magazi zikuti kiriyatinini ndi 110.

Choyamba, pezani zinthu zinayi zoona

Mukufunika zaka, kulemera kwa thupi, kiriyatinini, komanso ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Kulemera muyeze lero pa sikelo. Musatenge nambala ya chaka chatha m'buku, ndipo musayerekeze ndi maso, chifukwa zitenje ziwiri ndi juzi zimanenepetsa munthu. Agogo athuwa akwana makilogalamu 44.

Zaka ndiye nkhani. Chiphaso cha unzika chimathandiza, koma tonse tikudziwa kuti zaka zina zinangolembedwa mongoganizira. Funsani za zochitika. "Agogo, pa njala ya 1949 munali mutabadwa? Nanga pamene dziko linkalandira ufulu mu 1964 munali mutakwatiwa?" Awa akuti mayi awo ankawauza kuti anabadwa m'chaka cha njalayo. Titenge zaka 76. Mukaphonya ndi zaka ziwiri kapena zitatu palibe chachikulu chimasintha, koma kuphonya ndi zaka 15 kumasintha chiganizo chonse.

Kenako yang'anitsitsani zilembo zili pambali pa nambala ya kiriyatinini, amene pa pepala la ku labu amalembedwa `CREA`. Makina ena amalemba `µmol/L`, ena `mg/dL`. Ngati ndi `mg/dL`, chulukitsani ndi 88.4 kuti mupeze `µmol/L`. Nambala ngati 1.2 ndi ya `mg/dL`, nambala ngati 110 ndi ya `µmol/L`.

Chachiwiri, werengerani

Njira imene mabuku ambiri a mlingo wa mankhwala amatsatira ndi ya Cockcroft ndi Gault, yomwe inatuluka mu 1976. Yankho lake, `CrCl`, limasonyeza mmene impso zikusefera magazi pa mphindi iliyonse. Kakyuleta ya pa foni ndi yokwanira.

```
CrCl (mL/min) = (140 - zaka) x kg x F / CREA (µmol/L)
F = 1.23 mwamuna, 1.04 mkazi
```

Kwa agogo athu, 140 kuchotsa 76 ndi 64. Kuchulukitsa ndi 44 tipeza 2816. Kuchulukitsa ndi 1.04 tipeza pafupifupi 2929. Kugawa ndi 110, yankho ndi 27.

Tsopano tengani msodzi wa ku Senga Bay wa zaka 30, wolemera makilogalamu 70, amene kiriyatinini wake ndi 110 yemweyo. Yankho lake ndi 86. Pepala la ku labu ndi lofanana, koma impso za agogo zikusefa magazi osakwana gawo limodzi mwa magawo atatu a zimene za mnyamatayu zikusefa. Ichi n'chifukwa chake sindikhulupirira munthu akangoti "kiriyatinini ali bwino" asanagwire kakyuleta.

Malire osavuta kusunga pamutu ndi awa: kuposa 50, mankhwala ambiri amaperekedwa monga mwa nthawi zonse. Pakati pa 30 ndi 50, yambani kufufuza limodzilimodzi. Pansi pa 30, mankhwala ena amaletsedweratu. Pansi pa 15, si nkhani ya chipatala chaching'ono, tumizani.

Njirayi ili ndi pothera pake. Imagwira ntchito pamene kiriyatinini wakhazikika. Ngati munthu wakhala akutsekula m'mimba, akusanza, kapena mkodzo wachepa mwadzidzidzi, nambala ya lero imatsalira m'mbuyo, ndipo impso zingakhale zoipa kuposa mmene masamu akunenera. Munthu wotupa miyendo ndi madzi kapena wonenepa kwambiri, sikelo imakweza yankho monama.

Chachitatu, khuthulani thumba la mankhwala patebulo

Buku silinena zonse. Funsani mwaulemu koma mwachindunji: "Agogo, mawondowa akamapweteka mumamwa chiyani?" Mdzukulu watulutsa kapepala ka indosidi wogula pa gulosale. Akuti amamwa awiri m'mawa asanapite kudimba. Funsaninso za mankhwala azitsamba, popanda kukalipa, apo ayi sakuuzani.

Indosidi, bulufeni ndi dikilofenaki amachepetsa magazi opita ku impso. Akakumana ndi enalapirili pamodzi ndi mankhwala okodzetsa mwa munthu amene sakumwa madzi okwanira, impso zimatha kugwa m'masiku ochepa. Apa palibe kuchepetsa mlingo, n'kusiya basi. M'malo mwake panado, ndipo kwa munthu wa makilogalamu 44 ndimapereka piritsi limodzi la 500 mg mpaka kanayi patsiku, osati awiriawiri ngati wamkulu wathupi.

Chachinayi, gamulani mankhwala limodzilimodzi

Pa lililonse pali njira zinayi: kulisiya momwe lilili, kuchepetsa kukula kwa mlingo, kutalikitsa nthawi yapakati, kapena kulichotsa.

Metifomini ndi amene ndimayamba naye. Amatuluka ndi impso osasinthika, ndipo akaunjikana amatha kubweretsa asidi wambiri m'magazi, vuto losowa koma lakupha. Pakati pa 30 ndi 45, asapitirire 1000 mg patsiku. Pansi pa 30, ayime. Agogo athu ali pa 27 ndipo akumwa 1500 mg, choncho lero tikuyimitsa. Msampha uli pamenepa: dzanja limathamangira kwa gilibenkilamaidi chifukwa ndi amene ali pa shelefu. Musatero. Mwa munthu wokalamba wa impso zofooka amagwetsa shuga kwa maola ambiri, nthawi zina masiku, ndipo agogo amene sakudya bwino akhoza kukomoka usiku anthu n'kumati ndi ukalamba. Yezani shuga pafupipafupi. Akakwera kwambiri, njira ndi insulini, woyambira pa mlingo wochepa chifukwa nayenso amakhalitsa m'thupi impso zikafooka, ndipo ndi bwino chiganizo chimenecho chipangidwe ku kiliniki ya shuga ya kuchipatala cha boma.

Za bipi, haidirokolorothayazaidi mphamvu yake imachepa pansi pa 30, komanso amachotsa madzi mwa munthu amene akuuma kale. Timuyimitse. Enalapirili si mdani wa impso, ndipo kwa wodwala shuga amaziteteza, koma pa masiku amene munthu sakudya kapena kumwa bwino amapumitsidwa kaye. Ngati bipi ili yokwera, amulodipini 5 mg safuna kusintha kulikonse chifukwa amaphwanyidwa ndi chiwindi.

Tsopano matenda a m'chikhodzodzo amene awabweretsa. Naitirofurantoini sagwira bwino ntchito impso zikafooka chonchi, chifukwa safika wokwanira mu mkodzo. Bakitirimu amafunika theka la mlingo pakati pa 15 ndi 30, ndipo amakweza potaziyamu, makamaka kwa amene akumwa enalapirili, choncho ndingamupewe ngati sindingathe kuyeza magazi. Jekeseni wa jentamaisini amawononga impso ndi makutu, ndipo kuchipatala kopanda labu ndimamupewa kwa munthu wotere. Ngati mwasankha sipuro, pansi pa 30 mlingo ndi 250 mpaka 500 mg kamodzi patsiku m'malo mwa kawiri. Ngati agogo atentha thupi kwambiri ndi kufunika jekeseni, sefitirayakisoni nthawi zambiri safuna kusintha. Lamulo la mankhwala opha tizilombo ndi ili: mlingo woyamba ukhale wathunthu kuti matenda agundidwe, kuchepetsa kumayambira pa wachiwiri. Ena poopa impso amapereka tizidutswa tosapha kalikonse, ndiye agogo amabwerera matenda atalowa m'magazi.

Akanakhala kuti ali pa ma ARV a 13A, muli tenofoviya, amene sayenera kupitirira motero pansi pa 50. Musawasiyitse. Lankhulani ndi a kiliniki ya ma ARV tsiku lomwelo kuti aone zowasinthira ku mankhwala okhala ndi abakaviya.

Chachisanu, lembani ndipo yezaninso

Lembani m'buku ndi zilembo zazikulu yankho la masamu, tsiku, kulemera, ndi mankhwala amene mwachotsa pamodzi ndi chifukwa chake. Mukapanda kutero, mnzanu wa mwezi wamawa adzangokopera mndandanda wakale. Mapiritsi ochotsedwa asabwerere m'thumba. Uzani mdzukulu kuti abwere nawo msanga ngati akusanza mosalekeza, akupuma mofulumira ndi mozama, akusokonezeka mutu, akutuluka thukuta lozizira, nkhope yatupa, kapena tsiku lonse latha osakodza.

Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri yezaninso magazi. Tinene kuti agogo asiya indosidi, akumwa madzi, matenda apola, ndipo kiriyatinini watsika kufika 85. Gawani 2929 ndi 85, mupeza 34. Tsopano metifomini akhoza kubwerera mosamala, kuyambira 500 mg kamodzi patsiku, osapitirira kawiri, ndi lamulo loti akadwala m'mimba kapena kusanza ayime kaye. Enalapirili abwerere pa 2.5 mg, kenako muyezenso kiriyatinini ndi potaziyamu pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Kukwera pang'ono kumayembekezereka, koma kiriyatinini akakwera kupitirira magawo 30 pa 100 alionse, kapena potaziyamu akaposa 5.5, yimitsani ndi kufunsa dokotala.

Ngati yankho la masamu lakana kusuntha kapena likutsikabe, pemphani sikani ya impso ndi chikhodzodzo kuchipatala cha boma, chifukwa kuno likodzo, ndipo kwa abambo pulositeti yotupa, zimatha kubweza mkodzo m'mbuyo, ndipo vuto limenelo silitha ndi kusintha mapiritsi. Amene afika pansi pa 15 amafunika kuonedwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe, komwe kuli madokotala ndi makina osefa magazi, ndipo kalata yowatumizira ikhale ndi manambala onse a kiriyatinini ndi masiku ake.